Nyimbo ya tebulo la 6: kuipeka, kuiphunzitsa ndi kuiphwasula

Kalasi ikhoza kuimba tebulo lonse la kuchulukitsa mokoma, mpaka ahedi kuima pakhomo kumvetsera, koma mukaloza mwana mmodzi n'kumufunsa kuti sikisi kaseveni ndi zingati, mumaona milomo yake ikuyamba kugwedera kuchokera pa sikisi kamodzi. Akapunthwa panjira, basi, amabwerera koyambirira. Vuto limakhala pa mapekedwe a nyimboyo: ili ndi khomo limodzi lokha lolowera. Malangizo awa ndi a nyimbo imene mwana angathe kuilowa pakati, ndipo tigwiritsa ntchito tebulo la 6 kuyambira koyamba mpaka kumapeto, poganizira kalasi yodzaza ya Sitandade 3 kapena 4 ngati zimene tili nazo kuno ku Mangochi. Ntchito yonse imafuna mphindi 10 zokha patsiku kwa masabata awiri, phunziro lina lonse la masamu n'kumapitirira monga mwa nthawi zonse.

Yambani ndi milu, nyimbo ibwera pambuyo

Tsiku loyamba musaimbe chilichonse. Auzeni ana dzulo lake kuti abwere ndi nthanga za malambe, tizigoba ta nkhono takunyanja kapena zotsekera mabotolo. Gulu lililonse likufunika 60. Tulukani panja, gulu lililonse lijambule timabwalo 10 pamchenga, tisanu pamwamba, tisanu pansi pake. Mwana wa ku Mangochi sasowa kuuzidwa kuti mulu n'chiyani, amaona utaka ndi usipa zikuikidwa milu padoko ndi pamsika. Ingonenani kuti lero mulu uliwonse uli ndi nsomba sikisi. Aike mulu woyamba, awerenge. Aike wachiwiri, awerenge zonse pamodzi. Inu muzilemba zimene akupeza pabolodi kapena pakatoni, m'mizere iwiri yoyandikana motere:

```
6 × 1 =  6     6 × 6  = 36
6 × 2 = 12     6 × 7  = 42
6 × 3 = 18     6 × 8  = 48
6 × 4 = 24     6 × 9  = 54
6 × 5 = 30     6 × 10 = 60
```

Kalembedwe aka n'kofunika kwambiri, musalembe mzere umodzi wautali wotsika. Afunseni ana ayang'ane manambala akumapeto kumanzere: 6, 2, 8, 4, 0. Kenako ayang'ane kumanja. Musawauze, dikirani. Pamapezeka wina amene amafuula kuti, "Aphunzitsi, zikufanana!" Akatero funsani funso lachiwiri: kuchoka pa 6 kufika pa 36 taonjeza zingati? Nanga pa 12 kufika pa 42? Paliponse ndi 30, chifukwa mzere wapamwamba wa pamchenga paja, wa milu isanu, uli ndi nsomba 30. Ndiye kuti tebulo la 6 ndi ndime ziwiri za mizere isanuisanu, ndipo ndime yachiwiri ndi yoyamba yomwe ija itangosenza 30. Nyimbo yonse ikhazikika pa mfundo imeneyi.

Mawu a nyimbo

Nyimbo yake ndi ya wotsogolera ndi ovomera, monga zimakhalira nyimbo za pamasewera a ana ndi za pamtondo. Wotsogolera afunsa, kalasi iyankha. Manambala tiwatchula mmene amatchulidwira pamsika. Pali aphunzitsi ena amene amafuna kuika "makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi zitatu" m'nyimbo, koma mawu amenewo ndi aatali moti mpweya umatha mzere usanathe, pamene "fote eyiti" ndi maphatikizo asanu okha. Ndiponso ana athu ambiri amalankhula Chiyao kunyumba, ndipo manambala a pamsikawa ndi amene onse amawadziwa mofanana.

Ndime yoyamba:

Sikisi kamodzi: sikisi!
Sikisi kawiri: thwelofu!
Sikisi katatu: eyitini!
Sikisi kanayi: twente folo!
Sikisi kasanu: sate!

Kolasi, onse pamodzi:

Milu isanu, dzanja latha,
nsomba sate m'dengu!
Mulu wina, mulu wina,
tionjeze sikisi!

Ndime yachiwiri:

Sikisi kasikisi: sate sikisi!
Sikisi kaseveni: fote thuu!
Sikisi kaeyiti: fote eyiti!
Sikisi kanaini: fifite folo!
Sikisi kateni: sikisite!

Kolasiyo si yongokometsera. Ikukumbutsa kuti pa kasanu tili pa 30, ndi kuti mzere uliwonse umabwera poonjeza mulu umodzi. Chuni pekani chanu chosavuta, cha mawu okwera pofunsa ndi otsika poyankha. Musabwereke chuni cha nyimbo imene ana akuidziwa kale ya pawailesi kapena ya kopemphera, chifukwa mawu akale amabwerera okha pakamwa ndipo phunziro limasanduka phwete. Samalani ndi "kanayi". Mwana amene kwawo folo amati mcheche akhoza kuimba mawuwo bwinobwino osawalumikiza ndi nambala, choncho wotsogolera aziimika zala nthawi zonse: chala chimodzi pa kamodzi, zinayi pa kanayi, dzanja lonse pa kasanu. Ndime yachiwiri ikayamba, dzanja loyambalo likhalebe m'mwamba litatambasulidwa, zala za dzanja linalo n'kumaimikidwa chimodzichimodzi.

Pomenya ndi powomba

Tsiku lachiwiri phunzitsani thupi lokha, popanda mawu. Mzere uliwonse uli ndi malo anayi: kumenya ntchafu, kumenya ntchafu, kuwomba m'manja, kuwomba m'manja. Ana amene akhala pansi chopinda miyendo amenye mawondo. Liwiro likhale la munthu woyenda atasenza ndowa yamadzi kuchokera kunyanja, osathamanga, osaimaima. Achite zimenezi mpaka mzere wakumbuyo ugwirizane ndi wakutsogolo. M'kalasi yayikulu akumbuyo amachedwa pang'ono chifukwa amatsatira zimene akumva kwa anzawo, ndiye imikani mwana mmodzi wodziwa pakati pa kalasi kuti onse aziona manja ake.

Zikakhazikika, lowetsani mawu. Funso likhala pa ntchafu ziwiri zija, yankho pa kuwomba kuwiri kuja. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu, ndipo pamenepo ndi pamene dzanja liyenera kugwera. Ndalemba malowo ndi zilembo zazikulu: siKIsi kaWIri, thweLOfu. Onani kuti "si" woyambayo amatuluka dzanja lisanafike pantchafu, likadali m'mwamba. Mukakakamiza kuti dzanja ligwere pa "si", nyimbo imatsimphina ndipo ana amaimva okha kuti sikuyenda.

Mayankho ali mitundu itatu. A mawu awiri amagawana bwino: makumi pa kuwomba koyamba, nambala yakumapeto pa kuwomba kwachiwiri, TWEnte FOlo, SAte siKIsi, FOte eYIti, fiFIte FOlo. A mawu amodzi, sikisi, thwelofu ndi eyitini, amakhala pa kuwomba koyamba, kwachiwiriko manja amalira okha. Koma pa sate ndi pa sikisite, m'malo mowomba kachiwiri, ana aponde pansi ndi phazi kamodzi mwamphamvu, kapena amenye pansi ndi chikhatho ngati akhala pansi. Phazi limenelo ndi ziro wakumapeto uja, ndipo limauza thupi kuti ndime yatha. Ana amalikonda kwambiri, ena amangodikira lomwelo.

Kuika dzanja pa phatikizo lolondola kumathandizanso pa vuto lina losaoneka msanga. M'phokoso la kalasi yodzaza, eyitini ndi eyite zimamveka zofanana, chimodzimodzi sate ndi satini, sikisite ndi sikisitini. Mwana amaimba ndi anzake chaka chonse, tsiku lolemba n'kulemba 80 pamene pafunika 18. Mukawomba pa "ti" wa eyiTIni ndi kumukoka pang'ono, kusiyana kwake ndi eYIte kumamveka. Komabe musadalire khutu lokha. Pa masiku oyamba mwana wina aziloza nambala pabolodi ndi kamtengo nthawi imene ikutchulidwa, kuti diso lione 18 pamene pakamwa pakunena eyitini.

Ndime imodzi kaye

Tsiku lachitatu ndi lachinayi ndi a ndime yoyamba ndi kolasi basi. Inu tsogolerani kawiri kapena katatu, kenako perekani utsogoleri kwa ana. Gawani kalasi pakati, mbali ina ifunse, ina iyankhe, kenako asinthane. Apa pali msampha: amene amafunsa nthawi zonse saloweza mayankho. Ndiye mtsikana wa mawu okoma uja amene mumakonda kumuimika kutsogolo, muonetsetse kuti nayenso akukhala kumbali yoyankha.

Mukamaliza kuimba pa tsiku lachinayi, fufutani mayankho awiri pabolodi, mwachitsanzo 18 ndi 24, aimbenso. Kenako fufutani onse. Malinga ngati mayankho ali pabolodi, ana akuwerenga, sakukumbukira, ndipo inu mungaganize kuti ntchito yatha pamene sinayambe.

Tsiku lachisanu lowetsani ndime yachiwiri. Ndi yovutirapo pakamwa, chifukwa kamodzi, kawiri, katatu, kanayi ndi kasanu onse ali ndi maphatikizo atatu, pamene kasikisi, kaseveni, kaeyiti ndi kanaini ali ndi anayi. Phatikizo loonjezeralo liyenera kupanikizika dzanja lisanagwe kachiwiri: siKIsi kaseVEni. Chepetsani liwiro tsiku limenelo, ndipo yesererani funso lokha kangapo musanaike yankho. Musanaimbe ndime yonse, imbani mizere yoyandikana pabolodi ija iwiriiwiri: mbali ina iimbe "sikisi kawiri, thwelofu", inayo iyankhe "sikisi kaseveni, fote thuu". Kenako katatu ndi kaeyiti, kanayi ndi kanaini. Khutu limamva lokha kuti twente folo ndi fifite folo zikuthera pamodzi. Pa thwelofu ndi fote thuu khutu silithandiza, chifukwa thuu wa mu 12 samveka potchula, ndiye pamenepo lozani pabolodi manambala awiri akumapetowo. Chimodzimodzi eyitini ndi fote eyiti, ngakhale apa pali kufananako pang'ono.

Loweruka ndi Lamlungu zikadutsa, Lolemba musayambe ndi kuwakumbutsa. Ingoyambitsani kumenya ntchafu n'kufunsa mzere woyamba, muone pamene mawu a kalasi akuchepera. Kawirikawiri amachepa pa kaseveni, kaeyiti ndi kanaini. Pamenepo ndi pamene sabata yachiwiri iyenera kukhalitsa.

Kuiphwasula

Gawo ili ndi limene limasiyidwa kawirikawiri, chifukwa nyimbo ikamamveka bwino aliyense amaona ngati zatheka. Koma mayeso safunsa motsatana, ndipo wogula pamsika sayambira pa mulu umodzi. Sabata yachiwiri ntchito yanu ndi kusokoneza dongosolo la mizere pang'onopang'ono, kumenya ndi kuwomba kuja kukhalebe chimodzimodzi.

Choyamba, yambirani pakati. Imbani kolasi yokha, kenako ndime yachiwiri, osadutsa mu yoyamba. Mawa lake yambirani pa katatu, kapena pa kaeyiti. Kenako imbani chobwerera, kuchokera pa kateni kutsika mpaka pa kamodzi. Apa kolasi isinthe mawu amodzi: "tichotse sikisi". Ana amadandaula kuti nyimbo yavuta, ndipo n'zoona yavuta, chifukwa tsopano mutu wayamba kugwira ntchito imene pakamwa pamagwira pokha.

Zikatero bwerani ndi mafunso osakaniza. Wotsogolera afunse mzere uliwonse umene wafuna. Koma musayembekeze yankho nthawi yomweyo monga kale. Ikani mpata: akafunsa, kalasi imenye ntchafu, ntchafu, manja, manja kamodzi kopanda mawu, yankho libwere pa ulendo wotsatira. Popanda mpata umenewu amayankha ndi ana ochangamuka ochepa okha, ena onse amangotsatira mawu awo kumbuyo, ndipo kwa inu zimamveka ngati kalasi yonse yayankha. Mpatawo ndi nthawi imene mwana wapakatikati amafufuza yekha yankho. Pakapita masiku awiri kapena atatu uchotseni pa mizere yosavuta, muusiye pa kaseveni, kaeyiti ndi kanaini pokha.

Mu mpata umenewo mwana achite chiyani? Muphunzitseni njira yake, musangomusiya. Tiyeni titenge sikisi kaseveni. Mwana aimike zala seveni: dzanja lonse ndi zala ziwiri. Dzanja lonse ndi sate, kolasi inamuuza kale. Zala ziwiri ndi "sikisi kawiri", thwelofu. Sate ndi thwelofu, fote thuu. Wafika pa yankho ndi mizere iwiri ya ndime yoyamba, osaimba mizere isanu ndi iwiri. Sikisi kanaini ndi dzanja ndi zala zinayi, 30 ndi 24, kupeza 54. Ena amaona okha kuti n'kwapafupi kuchoka pa 60 n'kuchotsa sikisi. Asiyeni, ndi njira yabwino ndithu.

Chomaliza m'gawoli ndi kutembenuza funso. Wotsogolera atchule yankho, kalasi inene kuti ndi kangati: "Fote eyiti, sikisi kangati?" "Kaeyiti!" Mawuwa amakwana m'malo anayi omwe aja mukawafulumiza pang'ono. Uku ndiye kugawa, 48 ÷ 6 = 8, ndipo mukadzafika pa mutu umenewo ana adzapeza kuti anayamba kale.

Yankho lolakwa limanena kumene kwavuta

Mukafunsa mwana payekha 6 × 7, musangoti walakwa n'kupita kwa wina. Mvetserani nambala imene watchula. Akati 48 kapena 36, nyimbo akuidziwa koma wasokonezeka powerenga mizere: waimba chamumtima kuyambira koyamba, n'kudumpha kapena kuperewera mzere umodzi. Ameneyu akusowa zala ndi kuyambira pa sate. Akati 49 kapena 35, wagwera mu tebulo la 7 kapena la 5. Mukumbutseni kuti manambala akumapeto a tebulo la 6 ndi 6, 2, 8, 4, 0 basi, mulibe 9 kapena 5. Akati 32, njira ya dzanja waigwira bwino, koma pophatikiza 30 ndi 12 wataya khumi.

Tiyeni timutsatire wa 32 ameneyu, chifukwa ndi amene ali pafupi kwambiri ndipo ndi wosavuta kumugwetsa ulesi. Musamuimbitsenso nyimbo, sipamene pali vuto. Khalani naye pansi ndi nthanga. Aike milu seveni. Vindikirani milu isanu ndi mbale.

"Pansi pa mbale pali zingati?"

"Sate, aphunzitsi."

"Nanga panja?"

"Thwelofu."

"Werenga teni pa zapanjazo, uzikankhire kumbale. Tsopano kumbale kuli zingati?"

"Fote."

"Zatsala zingati m'manja mwako?"

Amayang'ana nthanga ziwirizo, kenako amanena yekha kuti fote thuu. Mupatseni pomwepo 6 × 8 achite yekha: 30 pansi pa mbale, 18 panja, teni kumbale, eyiti n'kutsala, 48. Akachita ziwirizi ndi manja ake, mawa lake mufunseni popanda mbale.

Palinso 6 × 9, pamene ambiri amati 56 m'malo mwa 54, makamaka amene anamvapo tebulo la 7 kapena la 8 kwa akuluakulu awo. Abwezereni ku mizere yoyandikana ija: kanaini ndi mnzake wa kanayi, twente folo ndi fifite folo, onse amathera pa folo. Kwa ana amene akhwima pali kachinsinsi kena kowasangalatsa: ukachulukitsa 6 ndi 2, 4, 6 kapena 8, yankho limathera pa nambala yomweyo, 12, 24, 36, 48. Musakatulutse sabata yoyamba, kangowasokoneza. Kasungireni kumapeto, ndipo ngati n'kotheka alembereni mizere inayiyo yokha, akapeze okha.

Kudziwa ngati zalowa

Kalasi yoimba pamodzi imabisa ana ambiri. Lachisanu la sabata yachiwiri aimbe ndi thupi lokha: amenye ntchafu, inu mufunse, koma m'malo moyankha ndi pakamwa aliyense alembe yankho m'kope kapena pamchenga patsogolo pake. Mafunso asanu ndi okwanira, osakanizidwa: 6 × 7, 6 × 4, 6 × 9, 6 × 3, 6 × 8. Pakati pa funso ndi linzake perekani maulendo awiri a ntchafu ndi manja, osapitirira apo, kuti amene akuimba kuyambira koyamba asakwanitse. Yendani pakati pawo mukuyang'ana milomo ndi zala. Wolemba nthawi yomweyo waloweza. Woimika dzanja ndi zala ziwiri kenako n'kulemba ali bwino, liwiro lidzabwera. Wogwedeza milomo nthawi yayitali akadali womangika ku khomo loyamba lija, ndipo ameneyo ndi anzake apangireni kagulu koti aziyambira pa kolasi tsiku lililonse kwa sabata ina.

Onjezani funso limodzi la nkhani, lopanda mawu a m'nyimbo: mabwato sikisi abwera padoko, lililonse muli asodzi folo, asodzi onse ndi angati? Ili limavumbula chinthu china. M'nyimbo sikisi ndi zimene zili mu mulu, pamene apa sikisi ndi kuchuluka kwa magulu. Mwana amene wayankha mafunso asanu aja koma apa wangoti kakasi, kapena waphatikiza n'kupeza 10, sanaonebe kuti folo kasikisi ndi sikisi kanayi ndi nambala imodzi. Nyimbo singamuonetse zimenezi. Yalani nthanga 24 m'mizere inayi ya sikisisikisi, awerenge, kenako azungulire akaime mbali ina. Aona mizere sikisi ya folofolo, nthanga zili zomwezo palibe waikhudza.

Kumbukiraninso kuti kuno ana amajomba m'magulu, nyengo ya usodzi ikafika pachimake kapena pa tsiku la msika. Wojomba masiku atatu akabwera amalowa m'nyimbo msanga chifukwa chuni sichivuta, ndipo mukhoza kuiwala kuti sanaikepo milu pamchenga. Lembani maina a amene sanalipo tsiku loyamba lija, mnzawo wodziwa akawachititse za milu pa nthawi ya buleki.

Nthawi yoimbira ikhale m'mawa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene m'kalasi ya malata mumakhala motentha dzuwa likangokwera. Gwirizananinso ndi mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nanu, chifukwa mapazi a ana onsewo akagunda pansi pa "sate", iyeyo ndi amene amawamva poyamba.

Matebulo ena

Tebulo la 6 likakhazikika mudzafuna kuchita chimodzimodzi ndi ena. La 4 ndi la 8 amamangika mofanana, ndime ziwiri za mizere isanu. La 4 manambala akumapeto ndi 4, 8, 2, 6, 0, ndipo dzanja lonse ndi twente. La 8 ndi 8, 6, 4, 2, 0, dzanja lonse ndi fote. Ingosinthani manambala a m'kolasi. Koma musagwiritse ntchito chuni chimodzi pa matebulo atatuwa. Nambala 24 ili mu onse atatu, ndipo ngati chuni chili chimodzi, kalasi imene ikuimba la 6 ikafika pa twente folo imatha kukhotera ku twente eyiti wa tebulo la 4 kapena sate thuu wa la 8 osadziwa kuti yasochera. Sinthani chuni, sinthaninso thupi: la 4 amenye pachifuwa m'malo mwa ntchafu, la 8 awombane m'manja awiriawiri. Ndipo musaphunzitse awiri mwa amenewa sabata imodzi.

La 9 lili ndi mayendedwe ake. Makumi amakwera ndi wani, nambala yakumapeto n'kumatsika ndi wani: 18, 27, 36, 45, mpaka 81 ndi 90, ndipo manambala awiriwo mukawaphatikiza amapereka 9. Pamenepo dzanja limodzi lizikwera pa kuwomba koyamba, linalo lizitsika pa kwachiwiri. La 3 ndi la 7 manambala akumapeto sabwereza mpaka mizere yonse 10 itatha, choncho kufanana kwa ndime ziwiri kuja kulibe, ngakhale dzanja lonse limathandizabe: 15 pa la 3, 35 pa la 7. La 7 lisiyeni kumapeto kwenikweni. Ana amene adziwa matebulo ena onse, ndipo anazungulira nthanga zija n'kuona kuti 7 × 6 ndi 6 × 7 n'chimodzi, adzapeza kuti mzere wachilendo mu tebulo la 7 ndi umodzi wokha, 7 × 7 = 49, ndipo umenewo mukhoza kungouimba ngati kolasi.